Ndime yapamwamba pa CV: mmene mungailembere ngati simunagwirepo ntchito yolipidwa

Pansi pa dzina lanu ndi nambala ya foni pamabwera kandime kachidule, kamene ambiri amakapatsa mutu wakuti Profile kapena Summary. Wolemba anthu ntchito amayamba kuwerenga pamenepo, ndipo ngati zikalata zachuluka pa tebulo lake amaweruziranso pomwepo ngati apitirize kuwerenga kapena ayi. Munthu amene wagwira ntchito zaka khumi savutika nako, chifukwa amangotchula zakazo ndi maudindo ake. Inu amene mwangotuluka kumene ku koleji, achimwene ndi achemwali, mulibe zaka zoti mutchule, ndiye mumadzaza malowo ndi mawu odzitamanda: wolimbikira, wokhulupirika, woopa Mulungu, wodziwa kugwira ntchito ndi anzake. Mawu amenewa akhoza kukhala oona, koma aliyense amene wafunsira ntchitoyo walembanso omwewo, ndipo palibe njira yowatsimikizira.

Ndime imeneyi ikhale ya umboni. Chiganizo chilichonse chinene chinthu chimene munachita, chimene munthu wina wamoyo, wokhala ndi foni, angavomereze kuti munachitadi. Pulojekiti ya chaka chomaliza, atachimenti ndi ntchito yongodzipereka ndi umboni wokwanira, bola muzilembe ngati ntchito, osati ngati mukupepesa.

Kuti zimveke bwino, titsatire chitsanzo chongopeka kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Tiyerekeze mtsikana wa ku Luchenza amene wamaliza digiri ya kasamalidwe ka madzi pa yunivesite ya MUST ku Ndata, m'boma la Thyolo. Sanalandirepo malipiro a pamwezi. Waona kuti bungwe lina likufuna mlangizi woyendera midzi pa nkhani za madzi ndi ukhondo ku Mulanje. Manambala onse amene ndim'patse ndi ongoyerekeza. Inu mudzaika anu enieni.

Yambani ndi chilengezo cha ntchito, osati ndi inuyo

Musanalembe liwu ndi limodzi lomwe, sindikizani chilengezocho kapena chikopereni m'kope, kenaka chiwerengeni muli ndi cholembera m'manja. Dulani mzere pansi pa zochita, zimene munthuyo azidzapanga Lolemba m'mawa akafika pa ntchito. Mawu okamba za khalidwe muwadumphe. Pa chilengezo cha mtsikana wathuyu tinene kuti zochita zake ndi kusonkhanitsa zofufuza m'midzi pogwiritsa ntchito foni, kuphunzitsa makomiti a mijigo, kuyeza madzi, ndi kulemba malipoti a pamwezi. Pansi pake alemba kuti akufuna digiri, zaka ziwiri za ntchito, ndipo wodziwa kuyendetsa njinga yamoto ali ndi mwayi woposa.

Zochita zimene zatchulidwa koyambirira, kapena zimene zabwerezedwa kawiri, ndizo zikumusowetsa tulo bwanayo. Ndime yanu iyenera kuyankha ziwiri kapena zitatu mwa zimenezo. Zotsalazo zidzapeza malo m'munsi mwa CV ndi m'kalata yofunsira ntchito.

Fukulani zimene munachita

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni, ndipo ambiri amapadumpha. Tengani tsamba loyera. Pa chinthu chilichonse chimene munachitapo, cha kusukulu kapena cha kumudzi, dzifunseni mafunso asanu: ndinachita chiyani ndi manja anga, zinali zingati, zinatenga nthawi yotani, ndinagwiritsa ntchito chida chanji, ndipo ndani angandichitire umboni. Musadalire kukumbukira. Tsegulani lipoti la pulojekiti, kabuku kamene ankasainira supavaiza wanu pa atachimenti, mauthenga akale a pa WhatsApp, ngakhale zithunzi za m'foni, chifukwa zimasunga masiku.

Mtsikana wathu atafunsidwa koyamba za pulojekiti yake, angayankhe kuti "ndinafufuza za madzi". Yankho limeneli silinena kanthu. Atatsegula lipoti lake, nkhani ikusintha. Anatenga madzi pa mijigo 18 ndi zitsime 12 m'midzi yozungulira Luchenza, kawiri, nthawi ya dzinja ndi nthawi ya chilimwe. Ankawanyamula m'bokosi lozizira kupita nawo ku labotale tsiku lomwelo, chifukwa madzi oyeza tizilombo akagona amapereka zotsatira zolakwika. Anayeza tizilombo ta E. coli, kuvunduka kwa madzi ndi pH, yomwe ndi mulingo wa asidi m'madzi, n'kuyerekeza ndi miyezo ya Malawi Bureau of Standards komanso ya bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO. Ya WHO imati m'mamililita 100 a madzi akumwa musapezeke E. coli ndi mmodzi yemwe. Malo onse 30 anawaika pa mapu ndi pulogalamu ya pa kompyuta ya QGIS. Atamaliza anakafotokozera mafumu ndi makomiti a mijigo zimene anapeza. Taonani kuti m'pulojekiti imodziyi muli kale zitatu mwa zinayi zimene bungwe lija likufuna, koma mwini wakeyo samaziona chifukwa kwa iye inali chabe ntchito yofunira malikisi.

Chachiwiri ndi ntchito yongodzipereka. Namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023, Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi Blantyre anali ena mwa maboma amene anasakazidwa kwambiri, ndipo anthu ambiri anakakhala m'misasa ya pa sukulu za pulayimale. Nthawi yomweyo dziko linali likulimbana ndi mliri wa kolera umene unayamba mu 2022. Achinyamata ambiri a kuno kwathu anathandiza m'misasamo, ndipo zimandipweteka kuona kuti pa CV amangolemba kamzere kamodzi kumapeto, pafupi ndi zokonda kuchita monga mpira ndi kuwerenga. Mtsikana wathu tinene kuti anakhala masabata 7 pa msasa wina ku Mulanje. Analembetsa mabanja 340 ndi pulogalamu yosonkhanitsira zofufuza ya KoboCollect pa foni yake. Ankathandiza alangizi a zaumoyo kusungunula kolorini ndi kugawa m'zidebe, ndipo anaphunzitsa magulu 6 a amayi mmene angathirire mankhwalawo m'madzi akumwa. Ankalandira ka ndalama ka nkhomaliro kokha. Iyi ndi ntchito yeniyeni, yochitidwa pa nthawi yovuta kuposa imene mlangizi wolipidwa amakumana nayo masiku ambiri.

Chachitatu ndi atachimenti ya miyezi itatu ku ofesi ya zamadzi ya boma. Ankayenda ndi amakaniko a mijigo, kulemba mipope ya Afridev imene yafa ndi chimene chinawonongeka, ndipo Lachisanu lililonse ankalowetsa zonsezo mu Excel. Analinso msungichuma wa gulu la achinyamata kutchalitchi kwawo zaka ziwiri, ndipo amayimba kwaya.

Funso lachisanu, la mboni, musalipeputse. Pa chinthu chilichonse lembani dzina la munthu mmodzi ndi nambala yake, pa tsamba lanu lokha. Pa pulojekiti ndi mphunzitsi amene ankakuyang'anirani. Pa msasa ndi mlangizi wa zaumoyo kapena mkulu wa bungwe amene ankakugawirani ntchito. Ngati simunatenge kalata yotsimikiza kuti munathandiza, pitani mukaipemphe tsopano, chifukwa ogwira ntchito m'mabungwe amasamutsidwa kawirikawiri, ndipo wobwera m'malo mwawo sadzakudziwani. Chinthu chimene chilibe mboni chikhoza kulowa m'munsi mwa CV, koma pa ndime yapamwamba ayi.

Sankhani zochepa

Aliyense wa ku Thyolo ndi Mulanje amadziwa kuti wothyola tiyi wabwino satenga nthambi yonse. Amatenga masamba awiri ndi nsonga, zinazo n'kuzisiya pa mtengo. Chimodzimodzi apa. Pa zinthu zisanu za mtsikana uja, zimene zikuyankha chilengezo ndi pulojekiti ndi msasa. Atachimenti ingalowe m'mawu ochepa. Usungichuma ndi wabwino, ndipo ukanakhala patsogolo akanakhala kuti akufunsira ukalaliki wa ndalama, koma pa ntchito iyi utsikire m'munsi. Kwaya isalowe n'komwe mu ndimeyi.

Ngati zikukuvutani kusankha, ikani chilengezo kumanzere, tsamba lanu kumanja, mulumikize ndi mizere chochita chilichonse ndi umboni wake. Chimene chalandira mizere yambiri ndicho chiyambe.

Lembani ziganizo zitatu kapena zinayi

Ndime yonse isapitirire mawu 80, ndipo 50 ndi okwanira. Pa pepala ikhale mizere inayi kapena isanu. CV imalembedwa m'chiyankhulo cha chilengezo, chimene kuno nthawi zambiri ndi Chingerezi, koma ine ndimalangiza kuti muyambe mwailemba m'Chichewa. Chifukwa chake n'chakuti m'Chingerezi muli mawu ambiri okutidwa kale, amene munthu amangowatola pa ma CV a anzake osawaganizira. M'Chichewa simungabisale. Mukalemba kuti "ndine munthu wa masomphenya" mudzamva nokha kuti simunanene kanthu. Mfundo zikakhazikika, kuziika m'Chingerezi chosavuta ndi ntchito ya mphindi zochepa.

Chiganizo choyamba chinene kuti ndinu ndani pa ntchito: maphunziro, sukulu, chaka, ndi mbali imene manja anu azolowera. Musayambe ndi mawu akuti "wongomaliza kumene sukulu amene akufuna mwayi", chifukwa mwayamba ndi chimene mulibe. Chaka chomalizira chidzamuuza chokha wowerengayo kuti ndinu watsopano. Ngati mwamaliza mayeso koma mwambo wolandira digiri sunachitike, nenani zoona kuti mwamaliza maphunziro ndipo mukudikira satifiketi, kenaka muphatikize kalata ya ku koleji kapena chikalata cha malikisi. Inu a zaumoyo ochokera ku Malamulo ku Makwasa kapena ku koleji ya anamwino ya ku Mulanje Mission, ngati munalembetsa kale ku Nurses and Midwives Council of Malawi kapena ku Medical Council of Malawi, zimenezo zilowe m'chiganizo choyambachi, popeza ndi zimene achipatala amayamba kuyang'ana.

Chiganizo chachiwiri ndi chachitatu ndiwo umboni. Chilichonse chikhale ndi mneni woonetsa kuchita: ndinayeza, ndinalembetsa, ndinaphunzitsa, ndinajambula. Kenaka nambala, malo ndi chida. Pewani mawu monga "ndinatengako mbali" kapena "ndinali nawo", chifukwa wowerenga sadziwa ngati munkayeza madzi kapena munkangonyamula bokosi. Chomaliza chitchule zida ndi ziyankhulo zimene ntchitoyo ikufuna, komanso ntchito imene mukufunsira.

Nayi ndime imene mtsikana uja akanalemba asanachite zonsezi, ndipo yofanana nayo imapezeka pa ma CV ambiri:

"Ndine mtsikana wolimbikira, wokhulupirika ndi woopa Mulungu, amene wangomaliza kumene maphunziro. Ndimatha kugwira ntchito popanda kuyang'aniridwa kwambiri komanso pansi pa chipsinjo. Ndikufuna mwayi m'bungwe lodziwika bwino kuti ndikulitse luso langa ndi kuthandiza pa chitukuko cha dziko."

Chotsanipo mawu akuti mtsikana, ndimeyi ikwanira wina aliyense, wofunsira uphunzitsi, udalaivala kapena ulonda. Chiganizo chomaliza chikunena zimene iye akufuna kupindula, pamene bwanayo akufuna kudziwa zimene iyeyo apindule. Nayi tsopano yolembedwa kuchokera pa tsamba lija:

"Ndili ndi digiri ya kasamalidwe ka madzi (MUST, 2024), ndipo ndazolowera ntchito ya m'midzi ya Thyolo ndi Mulanje. Pa pulojekiti ya chaka chomaliza ndinayeza madzi a mijigo 18 ndi zitsime 12, dzinja ndi chilimwe, n'kufotokozera makomiti a mijigo zotsatira zake. Monga wongodzipereka pa msasa wa okhudzidwa ndi namondwe wa Freddy, ndinalembetsa mabanja 340 ndi KoboCollect ndi kuphunzitsa magulu 6 kathiridwe ka kolorini. Ndimagwiritsa ntchito Excel ndi QGIS, ndimayankhula Chichewa ndi Chingerezi, ndipo ndikufunsira ulangizi wa madzi ndi ukhondo."

Wowerenga ndime yachiwiriyi wadziwa kale kuti mtsikanayu sadzasowa chochita akam'patsa foni ndi mndandanda wa midzi. Wapezanso mafunso omufunsa pa intaviyu, ndipo onse ndi mafunso amene mtsikanayo angayankhe ali mtima m'malo, chifukwa ndi nkhani yake. Taonaninso zimene sizinalowe. Zotsatira za kafukufuku, kuti zitsime zingati zinapezeka ndi tizilombo, zasungidwira gawo la mapulojekiti m'munsi. Njinga yamoto sinatchulidwe chifukwa alibe laisensi. Akanakhala nayo, ikanalowa m'chiganizo chomaliza, popeza mlangizi wa ku Mulanje kapena ku Thekerani amathera nthawi yambiri m'misewu ya fumbi ndi matope. Za Chilomwe, ngati mumangomva moni ndi mawu ochepa, musalembe kuti mumayankhula. Kuno n'kosavuta kuti mmodzi mwa okufunsani akhale Mlomwe weniweni ndipo akuyeseni pomwepo.

Musabise kuti inali ntchito yongodzipereka

Apa ndi pamene achinyamata ambiri amagwa, ndipo ndikhalapo pang'ono. Mantha awo ndi akuti liwu lakuti Volunteer likaoneka, bwana aziona ngati masewera. Ndiye ena amalichotsa n'kudzipatsa udindo umene sanapatsidwe, monga "mkulu woona za madzi pa msasa". Ena amatambasula nthawi, masabata 7 n'kukhala miyezi 6. Enanso amaphatikiza pulojekiti, atachimenti ndi msasa, n'kulemba kuti "zaka ziwiri za ntchito" kuti zifanane ndi chilengezo.

Zimenezi zimagwidwa mosavuta kuposa mmene mukuganizira. Anthu ogwira ntchito za madzi, zaumoyo kapena za ulimi m'boma limodzi amadziwana, amakumana m'misonkhano ya ku khonsolo. Foni imodzi ndi yokwanira. Ngakhale asaimbe, masiku a pa CV amadziulula okha: munthu amene anali chaka chachitatu ku Ndata mu 2023 sangakhale kuti ankagwira ntchito ya tsiku ndi tsiku miyezi 6 chaka chomwecho. Bodza limodzi likapezeka, ngakhale zoona zija za mijigo 18 zimayamba kukayikitsa. Ndipo ngati lapezeka mutalembedwa kale ntchito, ndi chifukwa chokwanira chokuchotserani.

Kunena zoona sikukuchepetsani. Chimene chimachepetsa ntchito yongodzipereka ndi kuilemba yopanda mnofu, kungoti "ndinathandiza pa nthawi ya Freddy". Mukaika chimene munachita, nambala ndi chida, liwu lija silikhalanso cholemetsa. Limamuuza bwanayo kuti munadzuka m'mawa masabata 7 popanda malipiro, chinthu chimene mawu akuti "wolimbikira" amayesa kunena koma osakwanitsa.

Pulojekiti ya pagulu nayonso ifuna chilungamo chomwecho. Ngati munali atatu, nenani gawo lanu: "pa gulu la anthu atatu, ine ndinatenga madzi ndi kujambula mapu". Kumbukirani kuti anzanu awiri aja mwina afunsiranso ntchito yomweyo, ndipo zikalata zanu zikhoza kukhala moyandikana pa tebulo limodzi, aliyense akunena kuti anachita zonse yekha.

Nanga zaka ziwiri zimene chilengezo chikufuna? Mtsikana wathu akawerengera moona, ali ndi miyezi itatu ya atachimenti, masabata 7 a msasa, ndi miyezi ingapo ya pulojekiti. Sizikwana, ndipo asanene kuti zakwana. Koma pa ntchito zoyambira ngati iyi, ine ndinganene kuti afunsirebe, chifukwa zaka zimaikidwa pofuna kutsimikiza kuti munthu wachitapo zochita zija, ndipo ndime yake ikuonetsa kuti wachitapo. Malire ake alipo. Pamene akufuna zaka zisanu ndi kuyang'anira anthu ena, kapena chiphaso chimene lamulo limafuna, palibe ndime imene ingatseke mpatawo, ndipo ndi bwino kusunga ndalama ya bandulo ndi yosindikizira. Mabungwe ena, makamaka a boma, amatsata zaka zolembedwazo ndendende posankha oitanidwa. Kumeneko ndime yabwino sikulowetsani, koma idzakuthandizani pofunsira intenishipu, imene imakupatsani zaka zomwezo.

Manambala akasowa

Si aliyense amene ali ndi lipoti lodzaza manambala. Mwina munkaphunzitsa masamu mongodzipereka pa sekondale yoyendera ya kwanu ku Chonde kapena ku Goliati, ndipo simunalembe kalikonse. Manambala alipobe, kungoti simunawawerenge: makalasi angati, ophunzira pafupifupi angati, matemu angati. Funsani ahedi, kaundula ali nawo. Ngati nambala yeniyeni yasowa, lembani yotsika imene mukuitsimikiza, monga "ophunzira oposa 60", osati yokwera imene mukuiganizira.

Chenjerani ndi manambala a zotsatira amene si anu nokha. Kulemba kuti "ndinachititsa kuti okhoza MSCE achuluke" ndi kudzitengera ntchito ya aphunzitsi onse. Chimodzimodzi mtsikana uja sangalembe kuti anathetsa kolera pa msasa. Werengani zimene manja anu anagwira, zimene mboni yanu ingavomereze osazengereza.

Ntchito ina, ndime ina

Ndime imodzi siyenda paliponse. Tinene kuti mwezi wotsatira esiteti ina ya tiyi ikufuna wothandizira pa za chilengedwe ndi kusunga malekodi. Ma esiteti ambiri ndi magulu a alimi ang'onoang'ono a tiyi amagulitsa pansi pa ziphaso monga Rainforest Alliance ndi Fairtrade, ndipo oyendera ziphasozi amafuna kuona zolembedwa zosungidwa bwino. Munthu ndi yemweyo, zoona ndi zomwezo, koma dongosolo lisintha. Kuyeza madzi motsata miyezo kubwere patsogolo. Atachimenti ikwere, chifukwa kulowetsa zolembedwa mu Excel sabata ndi sabata ndi chimene akufuna. Msasa utsike kukhala theka la chiganizo, kapena upite m'munsi. Kusinthaku kumatenga mphindi 15 ngati tsamba lija munalisunga, n'chifukwa chake musalitaye.

Gwiritsani ntchito mawu a chilengezo pamene ali oona kwa inu. Ngati iwo alemba KoboToolbox ndipo inu munagwiritsa ntchito KoboCollect, yomwe ndi pulogalamu yake ya pa foni, tchulani dzina la KoboToolbox monga lilili, osangoti "foni". Mabungwe akuluakulu amene amalandira zikalata pa intaneti amatha kusefa pofufuza mawu otere, ndipo ngakhale munthu wowerenga ndi maso amafunafuna mawu omwewo. Koma musatchule chida chimene munangochiona pa kalasi imodzi. Ngati mwalemba pulogalamu yosanthulira manambala ya SPSS, yembekezani kuti akhoza kukukhazikani pa kompyuta.

Zosayenera kulowa

Tsiku lobadwa, mpingo, mudzi ndi mfumu yaikulu, kukwatira kapena kusakwatira: ngati akuzifuna, zili ndi malo ake, koma si mu ndimeyi. Ntchito ya chipani cha ndale isiyeni kunja kwa CV yonse, pokhapokha ngati mukufunsira ku chipaniko. Mavuto a kunyumba nawonso asalowe. Ndikudziwa kuti ambiri mwa inu munaphunzira movutikira, makolo akuthyola tiyi kapena kugulitsa nthochi ndi nanazi kuti fizi ipezeke, ndipo abale akuyang'ana kwa inu. Zimenezo ndi zoona ndipo ndi zolemera, koma wolemba ntchito ayenera kukafotokozera akuluakulu ake chifukwa chimene wakusankhirani, ndipo chifundo sangachilembe pa fomu. Mpatseni chifukwa chimene angalembe.

Iyeseni musanatumize

Kuyesa koyamba n'kophimba dzina lanu ndi chala, kenaka kudzifunsa ngati mnzanu wa kalasi imodzi angaike dzina lake pamenepo ndimeyo n'kukhalabe yoona. Ngati angathe, mulibe umboni wokwanira, bwererani ku tsamba lija.

Kwachiwiri, tumizani ndimeyo kwa mboni zanu. Auzeni mwaulemu: "Bambo, ndikufunsira ntchito yakutiyakuti, ndalemba izi za nthawi imene ndinali nanu, kodi zili bwino?" Mukatero mwapindula kawiri. Akukonzerani nambala ngati yalakwika, ndipo foni ikadzalira sadzayamba ndi kufunsa kuti ameneyo ndi ndani. Mphunzitsi wa ku yunivesite amayang'anira ophunzira ambiri chaka chilichonse, choncho m'kumbutseni mutu wa pulojekiti ndi chaka.

Kwachitatu, patsani munthu amene sadziwa za maphunziro anu, kaya ndi azakhali kapena mnzanu wa ntchito ina, awerenge kamodzi, kenaka mulande pepalalo ndi kum'funsa zimene wagwira. Akati "unayeza madzi m'mijigo ndipo unathandiza pa msasa", ndimeyo yagwira ntchito. Akati "akuti ndiwe wolimbikira", kapena akangokhala chete, mwina mwachulutsa mawu a kusukulu kapena ziganizo zatalika. Wosankha zikalata woyamba nthawi zambiri ndi wa ku ofesi yolemba anthu ntchito, si katswiri wa madzi, ndiye mutu wa pulojekiti wautali uja, wa mizere iwiri, musaukopere mu ndimeyi. Nenani m'mawu wamba chimene munachita.

Pomaliza onetsetsani kuti nambala iliyonse ya mu ndime ikupezekanso m'munsi mwa CV mosasintha. Ngati pamwamba pali mabanja 340, pa gawo la ntchito yongodzipereka pakhalenso 340, ndi mwezi woyambira ndi womalizira. Gawo la mapulojekiti ndi la kudzipereka akhale pa tsamba loyamba, pafupi ndi maphunziro, kuti amene wakopeka ndi ndime yanu apeze tsatanetsatane osatembenuza pepala. Ngati mukukatayipitsa ku Chitakale kapena pa boma, khalani pambali pa wotayipayo ndipo muwerenge pa sikirini, chifukwa ena amangotsegula CV ya kasitomala wapitayo n'kusintha dzina, ndime yakale ija n'kutsalira. Sungani chikalatacho ngati PDF, chipatseni dzina lanu ndi la ntchitoyo, ndipo chitseguleni pa foni musanatumize, kuti muone ngati ndime yonse ikuoneka bwino pa sikirini yaing'ono. Kope la Word lisungeni pa imelo yanu kuti mudzathe kulisintha chilengezo china chikatuluka.